Python isathere pano, anzanga

Zikomo a mwambo. Aphunzitsi athu, makolo amene mwabwera, alendo nonse, ndakuonani ndipo ulemu wanu. Koma mundikhululukire, mau angawa kwenikweni akupita kwa anthu akhala mizere iwiri yakutsogoloyi, amene takhala tikulimbirana nawo soketi ya pakona ija kwa masabata 12 tikuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta mu Python.

Anzanga, andipatsa mphindi zochepa ndipo ndauzidwa kuti mpunga wapsa kale kumbuyoko, ndiye sindichedwa.

Mukukumbukira tsiku loyamba? Tonse 24 tinalemba `print("Hello, World!")` mau aja n'kutuluka pa sikirini, ena tinajambula n'kuponya pa sitetasi ngati tapanga ndege. Sabata yachitatu ndi pomwe kuseka kunachepa. `IndentationError`. Mpata umodzi wokha, kasipesi kosaoneka ndi maso komwe, pulogalamu yonse kukana, iwe n'kumayang'anitsitsa sikirini mphindi 40 kumati kompyutayi ili ndi mfiti, aphunzitsi n'kubwera kungodina batani kanayi basi zatheka. Ndiye kunabwera nkhani yoti kuwerenga kumayambira pa 0, achimwene akhala apowo anakana sabata yathunthu, amvekere ine ndinaphunzira masamu mpaka folomu 4 palibe anandiuza kuti woyamba ndi 0. Lero ndi omwewo amene amatikonzera tonse ma lupu.

Tsopano ndikuuzeni chinthu chimene sindinauze munthu mkalasi muno. Pakati pa kosi paja tinapuma masabata awiri. Ine ndinapita kumudzi, laputopu yobwereka ija ndinabweza kwa eni ake, ndinati ndikapume kaye mutu, zonse ndazigwira kale. Nditabwerako aphunzitsi anati tilembe fankishoni yophweka yophatikiza manambala awiri. Anzanga, ndinakhala duu. Ndinadziwa kuti imayamba ndi `def` koma kumapeto kwa mzere kuja kumakhala chani? Ndinaika semikoloni, ndinachotsa, ndinaika fulusitopu, mpaka ndinasuzumira kwa asisi anali pambali pangawa ndi pomwe ndinaona timadontho tiwiri tija. Masabata awiri okha. Ndiye tangoganizani miyezi isanu ndi umodzi mukudikira kuti mudzayambirenso mukadzagula laputopu yanuyanu, mudzapeza kuti chatsala ndi `print` yekha ndi chithunzi cha lero muli mu suti.

Setifiketi tilandireyi ndi yabwino, amayi anga anena kale kuti aiika mu fulemu pabalaza pafupi ndi kalendala ya tchalitchi. Koma pepalalo likungonena kuti tinakhala mkalasi masabata 12 n'kukhoza mayeso. Tsiku limene munthu adzakupatseni fayilo ya mizere 3000 n'kunena kuti tandipezereni amene sanalipire, pepalalo lidzakhala lili pakhoma kunyumba, inu muli nokha ndi kiyibodi.

Chimene chinandibweza ine pamzere si buku ayi, ndi kope la banki mkhonde la amayi anga. Gulu lawo lili ndi anthu 18, amakumana Lachisanu lililonse, amabwerekana ndalama n'kumabweza ndi chiongola dzanja cha 20 pa 100 iliyonse, ndipo amayi ndi mlembi. Akaweruka kumeneko amakhala mpaka usiku ndi kakyuleta ya pafoni kuwerengera mmodzimmodzi, akalakwitsa penapake sabata yotsatira kumakhala mkangano woti mpaka ena osapatsana moni. Ndinati dikirani amayi ndiyese. Chimene ndinayamba nacho ndi ichi chili pa bolodichi, ndapempha kuti achionetse:

```python
ngongole = int(input("Ngongole: "))
chiongola = ngongole * 20 / 100
print("Mubweze:", ngongole + chiongola)
```

Mizere itatu. Ndipo musaganize kuti inayenda kamodzi. Poyamba ndinaiwala `int` uja, ndiye ndikalemba 50000 Python imaitenga ngati mau osati nambala, pajatu `input` imabweza mau nthawi zonse, inandimenya `TypeError` yofiira, amayi ali pambalipa akuti kodi sukulu yakoyo ndi imeneyi? Nditakonza inatulutsa `60000.0` amayi n'kufunsa kuti nanga ka 0 kakumapetoko ndi matambala a ndani, ndi pomwe ndinamvetsa zenizeni zija aphunzitsi ankanena kuti ukagawa ndi `/` yankho limabwera la `float`. Mkalasi ndinazilemba mu notsi, ndinakhozanso pa mayeso, koma kuzimva ndinazimvera pa mkeka usiku umenewo.

Kenako ndinafuna kuti iziwerengera anthu onse nthawi imodzi, ndinalemba `range(1, 18)` ndili ndi chikhulupiriro chonse. Amene mukusekanu mwadziwa kale. Imathera pa 17. Munthu wa nambala 18 sanatuluke, ndipo mwa anthu onse a m'gulumo wa nambala 18 anali msungichuma. Mwayi wake tinaziona kunyumba tisanapite nazo kugulu, bwenzi pano nkhani ili yoti mwana wa mlembi akufufuta ngongole za anthu ndi kompyuta. Kuyambira tsiku limenelo palibe adzandiuzenso kuti `range` nambala yomaliza saiwerengera, zinalowa m'magazi.

Pano kapulogalamu kaja kafika mizere 70 ndi kena, kamawerenga maina kuchokera mu fayilo ya `csv`, kamasonyeza amene wadutsitsa tsiku. Ndi konyansa, aphunzitsi mukakaona mudzagwira kumutu, ndinabwereza zinthu zomwezomwezo katatu m'malo molemba fankishoni imodzi. Koma Lachisanu amayi amagona 9 koloko.

Ndiye pempho langa ndi limenelo. Musadikire pulojekiti yaikulu, musadikire kulembedwa ntchito. Aliyense pano kwawo kuli kope linalake limene limavutitsa munthu. Wina bambo ake ali ndi okala ndipo sadziwa kuti sopo amatha masiku angati, wina ali ndi kabaza wa njinga yamoto amafuna kudziwa ngati mafuta ndi ndalama ya bwana zikusiya kanthu, wina mlongo wake ndi mphunzitsi wa pulayimale amene amaphatikiza malikisi a ana 90 pamanja kumapeto kwa teremu iliyonse n'kuwasanja kuti woyamba ndani. Zimenezo ndi `list`, ndi `sorted`, ndi `for`, zonse tinaphunzira sabata yachisanu. Tengani chimodzi. Chikhale choti mukalakwitsa pali munthu akudandauleni, chifukwa zoyeserera za m'buku ukatopa umangotseka palibe akufunsa.

Ndikudziwa zimene mukunena mumtima. Laputopu ndilibe. Inenso ndilibe. Mizere 70 ija yambiri ndinailembera pafoni iyi yosweka galasiyi, pa Pydroid 3, ukangoitsitsa kamodzi imayenda popanda bandulo. Zala zimapweteka, kusaka timabulaketi pa kiyibodi ya foni ndi chilango, koma imayenda. Magetsi akazima, lembani pa pepala, muziyendetsa ndi mutu mzere ndi mzere kuti apa `x` ali ndi zingati, akayaka n'kuyesa ngati munalondola. Kunena zoona masiku amene ndinalemba pa pepala ndi amene ndinamvetsa kwambiri, chifukwa palibe batani lodina kuti uone mwamwayi. Ndipo mukaiwala kuti chinthu chimagwira bwanji, `help(str)` ili momwemo, siifuna netiweki.

Nthawi? Mphindi 20 patsiku. Ndaona ma sitetasi anu, ena mumaponya 1 koloko usiku, musandiuze za nthawi.

China, mau ofiira aja musamawaope. Ine masabata oyamba ndikangoona zofiira ndimatseka maso n'kukweza dzanja. Aphunzitsi anandiuza kuti werenga mzere womaliza kaye, kenako uone nambala ya mzere yomwe akutchula, ndipo kawirikawiri yankho limakhala pomwepo, `NameError` ndiye kuti dzina walilemba mosiyana kapena sunalipange n'komwe. Kuchokera mawa wotiwerengera kulibe. Ukakanika wekha jambula sikirini yonse uponye pagulu lathu la WhatsApp, yonse, osati kungolemba kuti abale sizikutheka ngati ife ndi alosi. Safunsa anadya phula. Ndipo gulu limenelija, chonde, lisasanduke la mauthenga a m'mawa wabwino ndi kugulitsana nsapato, ndaona kale zayamba.

Aphunzitsi anatiuza tsiku lina kuti amene anayambitsa Python, a Guido van Rossum a ku Netherlands, anaiyamba mu Disembala 1989 pofuna chochita pa tchuthi cha Khirisimasi, n'kudzaitulutsa kwa anthu mu 1991. Ine chimene ndinatolapo n'choti munthuyo patchuthi sanapume ngati mmene ndinachitira ine. Anatinso dzinali analitenga ku sewero la nthabwala la pa wailesi yakanema ya ku Britain, osati kwa njoka. Komabe agogo anga mpaka lero amauza anthu kuti mdzukulu wawo akuphunzira za nsato ku tauni, ndipo ndasiya kuwakonza, chifukwa nsato ikameza mbuzi siithamanga, imagona pamenepo masiku kugaya. Ife tameza zambiri masabata 12 amenewa, ma `class` aja ambirife tinangomeza osatafuna, tisanamizane. Kugaya kwake ndi kumene kukuyamba mawaku.

Za pandas, za Django, za kusanthula deta, zonsezo zikubwera ndipo ena mwayamba kale kuzitchula ngati azibale anu. Bwino. Koma amene sangathe kulemba lupu osayang'ana notsi asathamangire kumeneko, angokakopera zinthu za eni pa intaneti zimene sangazifotokoze akafunsidwa. Chilichonse mwalemba, ngakhale chonyansa ngati changa, chiikeni pa GitHub paja tinatsegula ma akaunti sabata ya 10 ndipo ambirife sitinabwererekonso, ine ndemwe pasiwedi ndachita kuisintha dzulo.

Aphunzitsi, zikomo. Munatipirira, funso limodzi lomwelo la `=` ndi `==` munaliyankha mwina ka 100 osakwiya, kapena mumakakwiyira kunyumba, kaya. Makolo, zikomo chifukwa cha fizi ndi ndalama za minibasi, ndipo mukationa tili pafoni usiku muzifunsa kaye, mwina tikulemba khodi. Mwina.

Anzanga, ndapempha kale ndipo atilola kugwiritsa ntchito chipinda chino Loweruka lililonse kuyambira 2 koloko mpaka 4 koloko. Loweruka likubwerali ine ndidzakhala pano ndi mizere yanga 70 yonyansa ija, ndikufuna wina adzandithandize kuidula ikhale mafankishoni. Aliyense abwere ndi kake, ngakhale ka mizere isanu, ngakhale kokana kuyenda, makamaka kokana kuyendako. Amene ali ndi ekisitenshoni abwere nayo, soketi ikadali imodzi yomwe ija.

Zikomo, tiyeni tikadye.