Kalata yodziwitsa bwana za ndalama zopitirira pa malipiro

Makawa,
Mangochi.
2 Seputembala 2024

Kwa Bwana Manijala,
Kudzera kwa Mkulu wa Zachuma.

Wokondedwa Bwana,

NDALAMA ZOPITIRIRA PA MALIPIRO ANGA A JULAYI NDI OGASITI

Ndalemba kalatayi kukudziwitsani kuti malipiro anga a miyezi iwiri yapitayi abwera ndi ndalama zomwe si zanga, ndipo ndikufuna tigwirizane m'mene ndingazibwezere.

Mukumbukira kuti mu Meyi ndi Juni munandiuza kuti ndigwirizire udindo wa mkulu wa kukhitchini pomwe Mayi Phiri anali pa tchuthi cha uchembere. Pa ntchito imeneyo munkandiwonjezera alawansi ya K60,000 pamwezi. Mayiwo anabwerera pa 1 Julayi, ine n'kubwerera pa mpando wanga wa wophika, koma alawansi ija sinachotsedwe. Yalowanso mu Julayi, yalowanso mu Ogasiti.

Za Julayi zitalowa, uthenga wa kubanki unangoonetsa ndalama zonse pamodzi, ndipo ndinayesa kuti zoonjezerazo ndi za ovataimu. Paja sabata ya 6 Julayi tinali ndi alendo a msonkhano odzaza zipinda zonse, ndipo kukhitchini tinkaweruka usiku chambo chitatheratu mufiriji. Timapepala ta malipiro ta miyezi yonse iwiri tatuluka limodzi Lachisanu lapitali. Nditatiika pambali pa ka Juni, ndaona kuti ovataimu ili pa mzere wakewake, ndipo pansi pake pali alawansi yogwirizira udindo ija, K60,000, pa timapepala tonse tiwiri. Ndajambulitsa timapepalato ndipo ndataphatikiza ku kalatayi.

Pa miyezi iwiriyi zopitirira zakwana K120,000. Pa ndalama imeneyi, K30,000 inadulidwa ngati msonkho wa PAYE, ndiye yomwe inafika mu akaunti yanga ndi K90,000, kapena kuti K45,000 mwezi uliwonse. Imene ndingathe kubweza ndi K90,000 imeneyi, chifukwa ya msonkho sinadutse m'manja mwanga. Ndikupempha kuti a zachuma aione okha mbali imeneyo. Poti msonkho wa mwezi umapita ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, wa Ogasiti mwina ukadali kuno, ndipo ungakonzedwe usanatumizidwe. Aonenso ngati 5 peresenti yanga ya penshoni ndi 10 peresenti ya kampani sizinawerengeredwe pamodzi ndi alawansiyo.

K45,000 ya Ogasiti sindinaikhudze, ili mu akaunti. Ndikhoza kuibweza pofika Lachisanu pa 6 Seputembala, kaya poiika mu akaunti ya kampani kubanki pa boma, kaya kuipereka pamanja ku ofesi, m'mene mungasankhire inuyo.

Ya Julayi ndiyo yavuta, chifukwa inapita kale. Ndinaguliratu matumba a chimanga kuopa kuti chikwera mtengo, poti kumudzi kwathu chaka chino sitinakolole kanthu ndi ng'amba ija. Komanso sukulu zikutsegulira mwezi uno, ndipo ndili ndi mwana wa Fomu 2 wofunika fizi ndi yunifolomu. Mukati muidule yonse pa malipiro a Seputembala, kunena zoona ndikathera kwa akatapila, ndipo ngongole ya K45,000 idzabala inzake. N'chifukwa chake ndikupempha kuti muzidula K15,000 pamwezi pa malipiro a Seputembala, Okutobala ndi Novembala. Ovataimu ya pa Tsiku la Anakubala, 15 Okutobala, ikadzakhala yochuluka monga zimakhalira anthu akakhamukira kunyanja kuno, mudzadule K30,000 mu Okutobala momwemo nkhaniyi itheretu. Kalata ino ikhale chilolezo changa choti mudule ndalamazi motere.

Mukavomera, ndingakonde yankho lolemba, ndi lisiti la ndalama yomwe ndibweze sabata ino. Pa kapepala ka malipiro, zodulazo zilembedwe kuti ndi kubweza zopitirira, zisaoneke ngati ngongole yomwe ndinatenga kapena chilango, chifukwa mawa pa mpando wa zachuma pakhoza kukhala munthu wina wosadziwa chiyambi chake. Chachikulu, alawansiyo ichotsedwe malipiro a Seputembala asanakonzedwe.

Sindikuloza chala munthu aliyense ku ofesi ya zachuma. Mwezi wa Julayi tonse tinali pa kalikiliki, ndipo mzere umodzi kutsalira pa ndandanda wa anthu ambiri chonchi si chachilendo.

Ngati mungafune tikambirane pamaso, sabata ino ndili pa shifiti ya m'mawa ndipo ndimaweruka 2 koloko masana.

Ine wanu pa ntchito,

Saidi Mbwana
Wophika