Yankho: fayilo ya malipiro imene munatumiza dzulo popanda malangizo

Lachitatu, 8 Okutobala

Okondedwa Bambo Tembo,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino ndipo ntchito ikuyenda kunthambi kwanu ku Chipata. Ndalandira imelo imene munatumiza dzulo nthawi ya 16:47, yokhala ndi mawu amodzi okha akuti URGENT pamutu pake, pamodzi ndi fayilo ya Excel yotchedwa malipiro_sept2.xlsx. M'kati mwa imeloyo munalibe mawu alionse ondiuza chimene mukufuna kuti ndichite, ndipo ndicho chifukwa chake ndikukulemberani m'mawa uno ndisanachitepo kanthu.

Kunena zoona, poyamba sindinafune n'komwe kuitsegula fayiloyo. Monga mukudziwa, anthu akuba pa intaneti amakonda kutumiza maimelo a mtundu womwewu, okhala ndi mutu wofulumizitsa munthu ndi fayilo yopanda kufotokoza, nthawi zina m'dzina la munthu amene timagwira naye ntchito. Ndinakuimbirani foni kawiri, cha m'ma 17:00 ndiponso nditafika kunyumba, koma foni yanu sinkapezeka. Ndaitsegula lero mnzathu woyang'anira makompyuta ataiona n'kunditsimikizira kuti yachokeradi ku adiresi yanu. Choncho usiku wonse wapita pachabe pa nkhani imene inu munaiona kuti ndi yachangu.

Nditaitsegula ndapeza masamba atatu. Tsamba loyamba lili ndi mayina 23 a anthu amene ndikuganiza kuti ndi aganyu amene anathandiza kutsitsa ndi kusanja katundu kunyumba yosungiramo katundu m'mwezi wa Seputembala, ndipo dzina lililonse lili ndi nambala ya chitupa, nambala ya foni ndi ndalama zake. Tsamba lachiwiri lili ndi mainvoisi anayi a anthu otigulitsa katundu, ndipo lachitatu ndi la mafuta a galimoto. Vuto langa ndi lakuti fayilo yotereyi ingathe kutanthauza zinthu zingapo zosiyana kwambiri. Mwina mukufuna kuti ndivomereze malipirowo ndi kuwapereka kwa a zachuma kuti atumize ndalama, mwina mukufuna kuti ndingoona ngati masamu ake ali bwino, kapenanso anthuwo munawalipira kale ndi ndalama zapadera za kunthambi ndipo mukufuna kuti tikubwezereni. Ndikangoganizira ndekha n'kusankha molakwa, tingathe kulipira anthu kawiri, ndipo ndalama imene yalowa pa foni ya munthu waganyu amene anabwerera kale kumudzi ku Chadiza kapena ku Katete ndi yovuta kuibweza.

Pali chinthu china pa tsamba loyamba chimene chandidetsa nkhawa kuposa zonse. Mayina akuyambira pa mzere 2 mpaka mzere 24, koma pa malo ophatikizira ndalama zonse palembedwa chonchi:

```
=SUM(F2:F21)
```

Izi zikutanthauza kuti anthu atatu omalizira, aliyense wa K2,100, sanawerengedwe. Fayiloyo ikuonetsa K41,600, pamene ndikaphatikiza mayina onse 23 ndikupeza K47,900, kusiyana kwake n'kukhala K6,300. Sindinakonze chilichonse, chifukwa sindikudziwa ngati anthu atatuwo anawonjezeredwa pambuyo pake n'kuiwala kusintha masamuwo, kapena munawasiya dala chifukwa analipidwa kale. Ngati ndi kuiwala chabe, ndipo ine ndikanasaina K41,600 monga mmene ilili, anthu atatu amene anasenza matumba mwezi wathunthu akanabwera kudzaima pakhomo panu opanda chowapatsa, ndipo amene akanayankha mafunso awo maso ndi maso ndi inu.

Ndaganiziranso kuti mwina changu chanu chikuchokera ku tsiku la 10, limene ndi Lachisanu likubwerali. Limeneli ndi tsiku lomaliza loperekera msonkho wa PAYE ku ZRA ndi zopereka za penshoni za ku NAPSA za mwezi wa Seputembala, ndipo tikachedwa pamakhala chilango cha ndalama chimene chimagwera kampani. Ngati cholinga chanu ndi chakuti anthuwa alowe m'mapepala amenewo, mundiuze lero lomwe, popeza a zachuma amafuna zonse zikhale m'manja mwawo pofika Lachinayi masana, kuti pakhale tsiku limodzi lopuma ngati intaneti kapena magetsi zitavuta. Mudziwenso kuti anthu awiri, a pa mzere 9 ndi mzere 17, alibe nambala za NAPSA, ndipo zopereka zawo, zimene ndi 5 peresenti yochokera kwa wantchito ndi 5 peresenti inanso yochokera kwa ife, sizingalembedwe bwino popanda nambalazo.

Pa mainvoisi ndili ndi funso limodzi lokha. Invoisi yachitatu, ya K13,920, ilibe nambala ya msonkho ya TPIN ya wogulitsa ndipo sikuonetsa ngati msonkho wa VAT wa 16 peresenti uli kale m'katimo, ngakhale kuti ndalamayo ikufanana ndi K12,000 yowonjezeredwa msonkhowo. Chonde pemphani wogulitsayo akupatseni invoisi yolembedwa mokwanira. Tsamba la mafuta ndaliona ndipo likugwirizana ndi malisiti amene munatumiza sabata yatha.

Tsono pempho langa ndi lakuti mundiyankhe isanakwane 12:00 lero, mundiuze chimene ndikuyenera kuchita ndi fayiloyi, tsiku limene chiyenera kukhala chitachitika, ndiponso ngati anthu atatu aja akuyenera kulipidwa. Mundiuzenso ngati pali wina amene wavomereza kale malipirowa pakamwa, monga abwana a nthambi yanu, kuti ndidziwe woti ndimufunse. Ndaonanso kuti dzina la fayiloyo likuthera ndi nambala 2, choncho ngati panali ina yoyamba imene inapita kwa munthu wina kuno ku Lusaka, ndiuzeni kuti ndi ndani, kuopa kuti anthu awiri tingamagwire ntchito pa mapepala osiyana. Ngati muli pamsewu ndipo simungathe kulemba, ndiimbireni pa foni ya ku ofesi, ndipo ine ndilemba zimene tagwirizana n'kukutumizirani kuti mungotsimikiza.

Pakadali pano fayiloyi sindinaitumize kwa wina aliyense kupatula mnzathu wa makompyuta uja. Muli nambala za zitupa ndi za mafoni a anthu, ndipo lamulo loteteza zinsinsi za anthu la chaka cha 2021 limatilamula kusamala ndi zinthu zoterezi, kotero sindingaiyendetse m'maofesi mongofunsa kuti alipo amene akuidziwa.

Ndikudziwa kuti masiku ano kunthambi kwanu ntchito yachuluka, makamaka pamene alimi akukonzekera dzinja ndipo katundu akubwera motsatizana, ndipo sindikukayika kuti munatumiza fayiloyo muli pakati pa zinthu zina zambiri. Komabe ndikupemphani kuti mtsogolo muno, mukamatumiza chinthu chachangu, muzilembako mizere iwiri kapena itatu yonena kuti ndi chiyani, mukufuna ndichite nacho chiyani, ndipo pofika liti. Dzulo nthawi ya 16:47 a zachuma anali asanaweruke, ndipo mizere imeneyo ikanakhalapo, nkhani ya K6,300 tikanaimaliza dzulo lomwelo.

Ndasiya ntchito zina za m'mawa uno kuti ndikhale pafupi ndi foni, ndipo ndawapempha a zachuma kuti atisungire mpata mawa m'mawa.

Ine wanu pa ntchito,

Mayi Phiri
Woyang'anira Ofesi, Lusaka