Kodi Kusikweya Mbali Zonse Ziwiri Kumasunga Chizindikiro?

Loweruka m'mawa, pakhonde la nyumba ina ku Lobi m'boma la Dedza, mphunzitsi wa masamu ankachonga ntchito ya Chisomo, mtsikana wa Fomu 4 amene akukonzekera mayeso a MSCE.

Mphunzitsi: Chisomo, pa funso lachitatu walemba kuti ngati x < 3, ndiye kuti x² < 9. Wachitenga kuti chimenechi?

Chisomo: Aphunzitsi, munatiuza kuti chimene tachita mbali imodzi tichitenso mbali inayo, ndipo ine ndasikweya mbali zonse ziwiri. Ndinayesanso ndi nambala: 2 < 3, ndipo 4 < 9.

Mphunzitsi: Kuyesako unachita bwino, koma unasankha nambala zokuvomereza zokhazokha. Kodi pakati pa −5 ndi 2, yaing'ono ndi iti?

Chisomo: Ndi −5, chifukwa munthu wa ngongole ya K5,000 kugolosale ndi wosauka kuposa amene ali ndi K2,000 m'thumba.

Mphunzitsi: Tsopano sikweya zonse ziwiri.

Chisomo: Ndapeza 25 ndi 4. Koma 25 ndi wamkulu kuposa 4! Ndiye kuti pakakhala nambala ya negetivu tizitembenuza chizindikiro, monga timachitira tikamachulukitsa ndi −1?

Mphunzitsi: Usafulumire kukhazikitsa lamulo lina. Taona −1 < 2, pamene tikasikweya tikupeza 1 < 4, chizindikiro osatembenuka. Taonanso −2 < 2, pamene mbali zonse zikusanduka 4, kotero kuti palibenso yaikulu kapena yaing'ono. Kusikweya kumafufuta chizindikiro cha negetivu, ndipo chimene chimatsala ndi mtunda wa nambalayo kuchokera pa ziro, choncho imene ili kutali ndi ziro ndi imene imakhala ndi sikweya wamkulu, kaya ili kumanja kapena kumanzere.

Chisomo: Nanga ndingadziwe bwanji popanda kuyesa nambala iliyonse?

Mphunzitsi: Tinene kuti a < b. Ukudziwa kuti b² − a² = (b − a)(b + a). Gawo la b − a ndi la pozitivu nthawi zonse chifukwa b ndi wamkulu, motero nkhani yonse yagona pa b + a. Ngati nambala ziwirizo sizili pansi pa ziro, b + a ndi pozitivu ndipo chizindikiro chimakhala momwemo. Ngati zonse ndi za negetivu, monga −3 < −2, chimatembenuka, pakuti 9 > 4. Zikasakanikirana, uyenera kuziphatikiza kaye kuti uone.

Chisomo: Ndiye kuti pa funso langa lija, x akhoza kukhala −4, amene ndi wochepera 3, koma sikweya wake ndi 16, woposa 9.

Mphunzitsi: Wapeza wekha. Nanga x² < 9 imakhala yoona pa nambala ziti?

Chisomo: Pa zimene zili pakati pa −3 ndi 3 basi, ndiye kuti −3 < x < 3.

Mphunzitsi: Lemba chimenecho pansi pa funso lachitatu, kenaka ubwerere ku funso lachisanu, chifukwa kumenekonso wasikweya usanafunse ngati x angakhale wa negetivu.