Magiredi ofunika kuti CGPA ichoke pa 2.80 kufika pa 3.00

Masamuwa ndi a wophunzira wa pa yunivesite muno mu Lusaka amene watha masemesita atatu, ali ndi makilediti 45 ndi CGPA ya 2.80, ndiye kuti avereji ya magiredi a masemesita onse amene waphunzira, koma omulipirira fizi akufuna 3.00. Semesita ikubwerayi atenga makilediti 15. Sikelo yake ndi iyi: A = 4, B+ = 3.5, B = 3, C+ = 2.5, C = 2. Inu yambani mwaona sikelo ya sukulu yanu, chifukwa ena amawerengera mpaka 5.

Chimene mukusaka ndi mapointi, ndiye kuti giredi kuchulukitsa ndi makilediti a kosiyo. Amene alipo kale ndi 2.80 × 45 = 126. Semesita ikatha makilediti adzakhala 60, ndipo 3.00 × 60 = 180. Akusowa ndi 54, ndipo mukawagawa ndi makilediti 15 mupeza GPA, avereji ya semesita ikubwerayi yokha, imene ikufunika.

```
GPA = (3.00 × 60 − 2.80 × 45) ÷ 15 = 54 ÷ 15 = 3.60
```

Ambiri amaganiza kuti 3.20 ikwanira, poti pakati pa 2.80 ndi 3.20 pali 3.00. Ayi ndithu. Makilediti 45 akale amalemera katatu kuposa 15 atsopanowa, choncho 3.20 ingakufikitseni pa 2.90 basi.

Tsopano gawani 54 uja pa makosi asanu a makilediti 4, 4, 3, 2 ndi 2. Mukapeza A pa kosi yoyamba muli ndi 16, B+ pa yachiwiri 14, B+ pa yachitatu 10.5, B+ pa yachinayi 7, B pa yomaliza 6. Zonse pamodzi ndi 53.5, ndipo CGPA ikhala 2.99. Zaperewera ndi theka la pointi, ndipo musadalire kuti ofesi ya mayeso idzakukwezerani. B yomalizayo ikakhala B+, mapointi afika 54.5, CGPA 3.01. Komabe nthawi yambiri yowerenga ipite ku makosi a makilediti 4: kutsika pamenepo kuchoka pa A kufika pa B+ kumadya mapointi 2, pomwe pa kosi yaing'ono kumadya 1.

Yankho likaposa 4.00, cholingacho sichitheka pa semesita imodzi. Wophunzirayu ngakhale atakolola ma A okhaokha, aima pa 186 ÷ 60 = 3.10. Akafuna 3.20 afunika masemesita awiri a makilediti 15, ndi GPA ya 3.80 pa makilediti 30 amenewo.

Chenjerani ndi 2.80 ya pa pepala la zotsatira, nthawi zambiri imakhala yofupikitsidwa. Ngati yeniyeni ndi 2.796, mapointi anu ndi 125.8, osati 126. Werengani nokha kosi ndi kosi, osaiwala imene munalephera ngati sukulu yanu imaiwerengera. Za kosi yobwereza funsani kwa olemba zotsatira: kwina giredi yatsopano imalowa m'malo mwa yakale, ndiye mumachotsa makilediti ndi mapointi akalewo musanawerenge, kwina zonse ziwiri zimakhalabe m'masamu.