Kalata kwa makolo a kalasi 6 tuluma B: za tepese ya pa tabuleti

Ulongwe, Angonia, Lachiwiri pa 10 Juni 2025

Amayi, abambo, agogo ndi nonse amene mumasunga ana a tuluma yanga, moni nonse.

Ndikhulupilira muli bwino ndi kuzizira kwa Juniku. Ndalemba kalatayi chifukwa cha nkhani ya matabuleti aja, paja tinakambilana pa msonkhano woyambila tirimesitele ino kuti ana azitengako kunyumba kukachitirako tepese, ndiye patha masabata atatu tsopano ndipo ndaona kuti masamu enieniwo sakuwavuta anawa kwenikweni, chikuvuta ndi kajambulidwe ndi katumizidwe kake.

Ndikuuzeni zomwe zinachitika Lachinayi lapitali. Ana m'kalasi muno alipo 58, matabuleti 12, magulu khumi a ana asanu asanu ndi magulu awiri a anayi. Ndimayembekeza zithunzi 58 koma zinabwera 41, ndipo pa zimenezo 17 zinalibe nambala ya mwana. Ndinakhala nazo usiku ndikuyang'ana chithunzi chokongola bwinobwino, wakhoza mafunso 9 pa 10, koma ndi wa ndani ameneyu? Mawa lake nditafunsa pa gulu lomwe linatumiza, ana onse asanu anakweza mkono kuti ndi changa aphunzitsi. Chija chokhoza 3 chokha palibe anachivomera, chinasanduka mwana wamasiye.

Pulogalamu ya masamu imene ili m'matabuletimu siidziwa kuti amene wagwira ndi ndani. Mwana akamaliza mafunso imaonetsa zomwe wakhoza, mnzake akangoyamba zake za woyamba uja zachoka basi, sizibweranso. N'chifukwa chake timafuna sikirinishoti, ena akuti kapitura, kutanthauza kuti tabuleti ikujambula yokha zomwe zili pa galasi lake nthawi imeneyo. Kamera sikugwira ntchito pamenepa ayi. Mwana wina anabwereka foni ya amalume ake nkujambula tabuleti, pachithunzi pakuoneka nkhope yake ndi denga la malata, manambala osaoneka.

Kajambulidwe kake nkotere. M'mbali mwa tabuleti muli batani loyatsira, pafupi pake pali batani lalitali la voliyumu, mbali ina yokwezera mbali ina yotsitsira. Mwana adine loyatsira pamodzi ndi lotsitsira voliyumu NTHAWI IMODZI, agwire kamphindi ngati sekondi imodzi, asiye. Galasi limaphethira ngati mphenzi yakutali, kachithunzi kakang'ono nkutulukira pakona, mukaona zimenezo ndiye kuti zatheka. Akatsogoza la voliyumu pamangotuluka kamzere ka voliyumu, ndipo nthawi zina kamzereko kamalowa m'chithunzi nkubisa nota. Akakakamira loyatsira lokha nthawi yaitali pamabwera mawu oti Desligar ndi Reiniciar, pamenepo asadine chilichonse, angokhudza pambali zichoke, chifukwa akazimitsa ntchito yake yapita ndipo ayambiranso funso loyamba. Ana a zala zazifupi ndawauza kuti aziika tabuleti pa mphasa kapena pa tebulo nkudina ndi manja awiri, kusiyana nkumalimbana nayo m'malere mpaka igwe.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mundithandize kwambiri. Tabuleti ikajambula imapatsa chithunzicho dzina lake lokha, longa ili:

```
Screenshot_20250605-162214.png
```

Pamenepo pali chaka, mwezi, tsiku, kenako ola, mphindi ndi masekondi, ndiye ine ndimadziwa kuti chinajambulidwa pa 5 Juni cha m'ma 16 koloko, koma dzina la mwana mulibemo. Choncho mwana akangojambula, asanapatsire mnzake, akhudze kachizindikiro ka pensulo kamene kamatuluka pafupi ndi kachithunzi kaja (kakathawa msanga asadandaule, alowe mu Galeria, atsegule chithunzicho, adine Editar), alembe ndi chala nambala yake ya pa lisita ya kalasi, ija timaitana m'mawa, ikuluikulu pamalo opanda zolemba, kenako adine Guardar. Akaiwala Guardar nambala ija siikhala, anyamata awiri analumbira kuti tinalemba aphunzitsi, ndipo ndikuwakhulupilira, koma sanasunge.

Ndasankha nambala m'malo mwa dzina mwadala. Kulemba ndi chala pa galasi nkovuta, dzina limatuluka ngati padutsa nkhuku, komanso m'kalasi muno muli ana a maina ofanana atatu atatu. Nambala 27 ndi mmodzi yekha. Ngati mwana wanu sakuidziwa nambala yake mwezi wa Juni uno, pamenepo palinso nkhani ina yoti tikambilane!

Tepese ya Chipwitikizi ndi ina, ija amalemba mu kope. Imeneyo ndiye ya kamera. Alembe nambala ndi tsiku pamwamba pa tsamba ndi cholembera, ayale kope pansi, ajambule kunja kukuwala, tsamba lonse lilowe ngodya zonse zinayi. Zojambula usiku ndi tochi ya foni kapena pa koloboyi sindikutha kuziwerenga, maso anga si a kadzidzi.

Katumizidwe. Matabuletiwa alibe simu khadi ndipo chonde musayikemo yanu, kaya ya Movitel kaya ya Vodacom, sitikufuna mamega pa ntchito imeneyi ndipo palibe kholo likuyenera kugula kirediti chifukwa cha tepese. Tikugwilitsa Bluetooth basi, yomwe ndi yaulere koma imafuna kuyandikana, mamita ngati 10 osapitilira, ndiye kutumiza kumachitikira kusukulu konkuno. Tabuleti imachoka Lolemba tikaweruka, imabwera Lachinayi m'mawa. Mkulu wa gulu afike 6:30 tisanaimbe nyimbo ya fuko, alowe mu Galeria, agwire chithunzi choyamba kwa kanthawi mpaka chichongeke, achonge zina zonse za gulu lake, adine Partilhar, asankhe Bluetooth, kenako asankhe dzina ili:

```
PROF-6B
```

Imeneyo ndi foni yanga. Ine ndimavomera mbali yanga, ndikawerenga kuti zakwana za ana onse a gululo ndimachonga m'buku, pokhapo ndi pamene gulu lapereka. Sabata yatha gulu lina linatumiza ku foni ya aphunzitsi a kalasi ina chifukwa dzina lawo ndi lomwe linali pamwamba, iwo nkumadabwa kuti masamu a mafulakishoni akuchokera kuti. Awerenge dzina asanadine. Pa tabuleti nambala 4 ndi nambala 9 mawu ake ndi osiyana pang'ono, pamalembedwa Compartilhar ndi Salvar chifukwa zinaikidwa Chipwitikizi cha ku Brazil, ntchito yake ndi yomweyo.

Zofufuta musiyire ine. Mwana asafufute chithunzi chilichonse ngakhale chake chomwe, akalakwitsa ajambule china, ine ndidzatenga chomaliza. Ndikunena izi chifukwa pa gulu lina panali kukangana masana ku mpira, madzulo zithunzi za mmodzi zinasowa. Sinditchula, makolo ake tinaonana kale ndipo nkhaniyo inatha.

Kwa inu amene tabuleti imagona kunyumba kwanu, ndikudziwa kuti ndakusenzetsani katundu, ana anayi a eni ake kumabwera pakhomo panu masana pamene inu muli ndi zanu, ena muli kalikiliki kukolola chimanga ena ku dimba. Zikomo kwambiri. Ndikupempha kuti aliyense apatsidwe mpata wake, mphindi 20 zimakwana, asamangoti mwana wa pakhomo ndiye mwini tabuleti anzake azionerera. Atsikana makamaka akudandaula kuti akamabwera kotunga madzi amapeza batire latha. Ayambe ndi amene amakhala kutali kuti abwerere kusanade, masiku ano dzuwa likulowa msanga.

Za batire zomwezo, timaitulutsa kuno itadzaza, ndipo ikamagwira tepese yokha imafika Lachinayi bwinobwino. Ikutha chifukwa cha mafilimu. Tabuleti ina inabwera ili ndi nyimbo ndi mafilimu oikitsa kumsika mpaka malo anatha, ana anadina mabatani mpaka zala kuwawa sikirinishoti osatheka, poti tabuleti ikadzaza ilibe poika chithunzi chatsopano. Gulu lonse linabwera chimanjamanja. Azichimwene awo a anawa ndi amene ndikuwakayikira, auzeni ndithu. Ngati muli ndi magetsi kapena sola mutha kutchaja ndi chaja chake chomwe chili m'kachikwama, koma musakaisiye kotchajitsa mafoni kumsika, ndipo isakhale ku khitchini pafupi ndi moto ngakhale kuzizire bwanji. Ikazima osayakanso kapena ikasweka bweretsani momwe iliri, musapite nayo kwa okonza mafoni, akangoti tiifomate ndiye kuti pulogalamu ya masamu ija yapita ndipo kuibwezeretsa si ntchito ya tsiku limodzi.

Kwinaku ndikuseka ndekha, pali chithunzi china chinabwera 10 pa 10, nambala ya mwana ilipo bwinobwino, koma dzina la chithunzi likuonetsa kuti chinajambulidwa 23 koloko usiku, ndipo mwana yemweyo pa bolodi funso lomwelo linamukanika. Abambo, mwakhoza, koma mayeso a kalasi 6 kumapeto kwa chaka mudzakhala muli panja pa mpanda. Mwana akakhoza 4 mulekeni atumize 4 yakeyo, ine ndi pamene ndimadziwa poyambira kumuthandiza. Nota ya tepese ndimaisandutsa kukhala pa 20 monga mwa nthawi zonse, ndipo amene wapereka zake zoona sabata iliyonse sindimuiwala pophatikiza.

Mwana akadwala kapena kukagwa zovuta kumudzi, mungotuma mnzake ndi kakalata, adzachitira konkuno nthawi yopuma. Sabata ya pa 25 Juni kuli tchuthi cha ufulu Lachitatu, koma matabuleti abwerabe Lachinayi pa 26 m'mawa monga mwa masiku onse.

Loweruka lino pa 14 Juni nthawi ya 8 koloko ndidzakhala m'kalasi mwathu ndi matabuleti onse 12, amene mungathe bwerani mudzadine nokha mabataniwa, ngakhale agogo amene simunagwirepo, sizitenga ola. Amene mwawerenga kalatayi muwauzeko anzanu oyandikana nawo amene alibe foni kapena kuwerenga kumawavuta, ndipo ana ndawapatsanso ina ya papepala kuti musaine kumbuyo ibwere Lachinayi.

Ndine wanu,
Mphunzitsi wa kalasi 6 tuluma B