Kufakitaraiza kwadiratiki pogawa chigawo chapakati: notsi za a Fomu 3 a kalasi ya Loweruka

Ana inu, makope anu a mayeso a sabata yatha ndawachonga onse. Pa funso lachinayi ambiri munalemba mabulaketi awiri mongoganizira, kenaka n'kuthamangira funso lina. Pepalali likusonyezani njira yosafuna kulosera. Likopereni m'kope, ndipo amene mumachokera ku Makawa ndi ku Nkopola muwapatsireko anzanu amene sanabwere.

Kwadiratiki ndi samu yooneka motere: ax² + bx + c. Ili ndi zigawo zitatu: choyamba chili ndi x², chapakati chili ndi x yekha, chomaliza ndi nambala chabe. Kufakitaraiza ndiko kuilemba ngati mabulaketi awiri ochulukitsana. Pamene a ali 1 ambiri simuvutika. Mavuto amayamba kutsogolo kwa x² kukakhala 3, kapena 6, ndipo ndi pamenepo njira iyi imagwira ntchito.

Chitsanzo choyamba: 3x² + 11x + 6

Apa a = 3, b = 11, c = 6. Yambani ndi kuchulukitsa a ndi c: 3 × 6 = 18. Tsopano tikusaka manambala awiri oti tikawachulukitsa atipatse 18, tikawaphatikiza atipatse 11. Musawasake m'mutu. Alembeni m'mbali mwa pepala awiriawiri:

```
1 × 18    1 + 18 = 19
2 × 9     2 + 9 = 11
3 × 6     3 + 6 = 9
```

Ndi 2 ndi 9. Choncho 11x timuduladula akhale 9x + 2x. Sitinasinthe kanthu, popeza 9x ndi 2x ndi 11x yemweyo, kungoti zigawo zakhala zinayi, ndipo zinayi zimatheka kuziika ziwiriziwiri.

```
3x² + 11x + 6
= 3x² + 9x + 2x + 6
= 3x(x + 3) + 2(x + 3)
= (x + 3)(3x + 2)
```

Onetsetsani mzere wachitatu. Mu 3x² ndi 9x, chopezeka monsemo ndi 3x; tikamutulutsa mutsala x + 3. Mu 2x ndi 6 timatulutsa 2, mutsalanso x + 3. Bulaketi yatuluka yofanana mbali zonse ziwiri, ndiye nayonso timaitulutsa ngati fakitala, ndipo zotsala kunja, 3x ndi +2, zimapanga bulaketi yachiwiri. Mabulaketi akapanda kufanana pa mzere umenewu, imani pomwepo, pali polakwika m'mwambamo.

Simunamalize. Masulani mabulaketi muone ngati mubwerera kumene munachokera. Chilichonse cha m'bulaketi yoyamba chichulukitse chilichonse cha m'bulaketi yachiwiri:

```
(x + 3)(3x + 2)
= 3x² + 2x + 9x + 6
= 3x² + 11x + 6
```

Zagwirizana ndi funso. Taonaninso kuti 2x ndi 9x, timagawo tomwe tinadula tija, tatulukanso tokha.

Wina anandifunsa m'kalasi kuti, "Sala, n'chifukwa chiyani timachulukitsa a ndi c, osangotenga c yekha monga tinkachitira kale?" Funsoli n'labwino, ndipo yankho lake likukhala m'kumasula komweku. Ganizirani thandala loyanikira usipa, m'litali mwake 3x + 2, m'lifupi x + 3. Lembani mzere umodzi chopingasa, wina chotsika, pamalo pamene pali chizindikiro cha pulasi. Thandala lagawika panayi: 3x², 2x, 9x ndi 6. Chulukitsani manambala a zigawo zoyang'anizana pangodya: 3 × 6 ndi 18, 2 × 9 ndi 18. Sizinangochitika mwangozi. Pa mabulaketi alionse,

```
(px + q)(rx + s) = prx² + (ps + qr)x + qs
```

ndiye a ndi pr, c ndi qs, ndipo timagawo tapakati ndi ps ndi qr. Mukachulukitsa ps ndi qr mupeza pqrs. Mukachulukitsa pr ndi qs mupezanso pqrs. N'chifukwa chake manambala awiri aja ayenera kupereka ac powachulukitsa ndi b powaphatikiza. Pamene a ali 1, ac amangokhala c, ndiye lamulo lomwe munaphunzira kale lija ndi lomweli. Kuganiza za masamu awa ndi zojambula si kwa lero: al-Khwarizmi, amene analemba buku lake la aljebura ku Baghdad cha m'ma 820, ankalongosola mayankho a makwadiratiki ndi mabokosi ojambula, samu yonse akuilemba m'mawu popanda x.

Chitsanzo chachiwiri, chomwe chinagwetsa ambiri: 6x² − 7x − 20

ac = 6 × (−20) = −120, ndipo b = −7. Musanayambe kusaka, werengani zizindikiro. Kuchulukitsa kwapereka mainasi, kutanthauza kuti nambala imodzi ndi ya pulasi, inayo ya mainasi. Zikatero timayang'ana awiri osiyana ndi 7. Mafakitala a 120 ndi awa: 1 ndi 120, 2 ndi 60, 3 ndi 40, 4 ndi 30, 5 ndi 24, 6 ndi 20, 8 ndi 15, 10 ndi 12. Osiyana ndi 7 ndi 8 ndi 15. Mainasi apite kwa uti? Kwa wamkulu, chifukwa b ndi wa mainasi: 8 + (−15) = −7.

```
6x² − 7x − 20
= 6x² + 8x − 15x − 20
= 2x(3x + 4) − 5(3x + 4)
= (3x + 4)(2x − 5)
```

Dzenje lili pa −15x − 20. Chigawo chachitatu chikayamba ndi mainasi, tulutsani fakitala ya mainasi, ndipo zizindikiro za m'bulaketi zitembenuke. −20 kugawa ndi −5 ndi +4. Ambiri mumalemba −5(3x − 4), kenaka mabulaketi sakufanana, ndiye mumayamba kufufuta ndi chala mpaka pepala kubooka. Dzifunseni: −5 kuchulukitsa ndi −4 ndi chiyani? Ndi +20, pamene funso lili ndi −20. Basi, mwachigwira cholakwacho.

Kodi pali vuto mukayamba ndi −15x m'malo mwa 8x? Ayi.

```
6x² − 15x + 8x − 20
= 3x(2x − 5) + 4(2x − 5)
= (2x − 5)(3x + 4)
```

Yankho ndi lomwelo, mabulaketi angosinthana malo. Apa njirayi yakhalanso yofewa chifukwa mainasi wabisala m'gulu loyamba. Sankhani imene ikukukomerani.

Tsopano onani chifukwa chomwe ndimaumirira zomasula mabulaketi. Yankho lomwe ndinalipeza m'makope angapo ndi (3x − 4)(2x + 5). Pongoliyang'ana likuoneka bwino ndithu: 3x × 2x ndi 6x², −4 × 5 ndi −20. Koyamba kuli bwino, komaliza kuli bwino. Timasule:

```
(3x − 4)(2x + 5)
= 6x² + 15x − 8x − 20
= 6x² + 7x − 20
```

Chapakati chatuluka +7x, funso likuti −7x. Yankho lolakwika limabisala pakati nthawi zambiri, ndipo amene amangoona mbali ziwiri zakunja salipeza. Lathu lija limapereka 6x² − 15x + 8x − 20, amene ndi 6x² − 7x − 20. Mizere iwiri yokha, osakwana ndi mphindi imodzi, ndipo mumadziwa nokha musanapereke pepala.

Nthawi ikakutherani m'chipinda cha mayeso, ikani nambala m'malo mwa x. Tengani x = 1: funso likupereka 6 − 7 − 20 = −21, mabulaketi athu akupereka 7 × (−3) = −21, pamene olakwika aja akupereka (−1) × 7 = −7. Koma musasankhe x = 0, chifukwa ziro amafafaniza chigawo chapakati ndipo mayankho onse awiri angapereke −20. Ine ndimakondabe kumasula. Nambala imodzi ikhoza kugwirizana mwamwayi, pamene kumasula kumaonetsa chigawo chilichonse.

Pamene c ali wa pulasi koma b wa mainasi, manambala onse awiri amakhala a mainasi. Pa 4x² − 16x + 15, ac = 60, ndipo −6 ndi −10 akukwanira:

```
4x² − 6x − 10x + 15
= 2x(2x − 3) − 5(2x − 3)
= (2x − 3)(2x − 5)
```

Masulani nokha m'kope.

Chitsanzo chachitatu: 10x² + 25x − 15

Wothamanga ayamba kale kusaka mafakitala a −150. Dekhani. Zigawo zonse zitatu zikugawika ndi 5, ndiye mutulutseni kaye: 5(2x² + 5x − 3). Tsopano ac ndi −6 chabe, ndipo manambala ndi 6 ndi −1.

```
5(2x² + 6x − x − 3)
= 5[2x(x + 3) − 1(x + 3)]
= 5(x + 3)(2x − 1)
```

Mu −x − 3 mumaoneka ngati mulibe chotulutsa, koma muli −1. Mulembeni, musachite naye manyazi. Osamulemba amathera pa (x + 3)(2x), ndipo samu yafa. 5 uja nayenso asatayike m'njira. Pomasula, (x + 3)(2x − 1) ndi 2x² + 5x − 3, kuchulukitsa ndi 5 ndi 10x² + 25x − 15.

Si kwadiratiki iliyonse imene imalola. Pa 2x² + 3x + 4, ac = 8; 1 ndi 8 apereka 9, 2 ndi 4 apereka 6, ndipo mafakitala atha osapeza 3. Imeneyi sifakitaraizika ndi manambala athunthu. Ubwino wolemba mafakitala onse mwandondomeko ndi umenewu: mumadziwa kuti mwafika pamapeto, osataya theka la ola. Ngati funso lanena kuti mufakitaraize koma manambala sakupezeka, bwererani ku pepala la mafunso muone ngati munakopera bwino zizindikiro.

Kumbukiraninso kuti samu yopanda "= 0" siifuna mtengo wa x. Mukafika pa mabulaketi, imani. Zopeza x tidzaziona tikafika pa maikwezhoni. Ndipo pa mayeso a MANEB lembani mizere yonse, kuti wochonga aone njira yanu ngakhale mutaphonya chizindikiro kumapeto.

Ntchito yakunyumba

```
(a) 2x² + 9x + 4
(b) 5x² − 13x + 6
(c) 3x² − x − 10
(d) 12x² + 2x − 4
(e) 6y² + 11y − 10
```

Pa (c), b ndi −1, osati ziro. Pa (d), yang'anani kaye zigawo zonse zitatu musanachulukitse kalikonse. Mayankho sindinawalembe dala: pansi pa samu iliyonse masulani mabulaketi anu, ndipo samu yopanda mizere imeneyi sindiichonga. Makope afike pa tebulo langa Loweruka likubwerali 8 koloko isanakwane.