Kwa makasitomala athu: dzina ndi chizindikiro chatsopano

Okondedwa makasitomala,

Tikukudziwitsani kuti kampani yathu yogulitsa mbewu ndi feteleza pano pa Dedza yaphatikizana ndi kampani yogula mbatatesi ku Lizulu, ndipo kuyambira pa 1 Okutobala tidzadziwika ndi dzina limodzi loti Zokolola za Kuphiri.

Chizindikiro chathu chatsopano ndi phiri lobiriwira lokhala ndi khasu patsinde pake, ndipo muzichiona pa matumba, pa malisiti ndi pa magalimoto athu. Matumba a chizindikiro chakale tipitiriza kugulitsa mpaka atatha, choncho musawakayikire poganiza kuti ndi achinyengo.

Ogwira ntchito ndi omwe aja munawazolowera, ndipo amene munatenga feteleza pa ngongole mudzabweza monga tinagwirizanirana, popanda kusaina pepala lina.

Ife anu,
Akuluakulu a kampani